Mnyamata Waba: Chidamukankha Nchiyani, Adamutcha Wakuba Ndani?

Pa mayeso a sosholoje a Fomu 6 amene bungwe la AQA limalembetsa ku Mangalande, pepala lachitatu ndi la nkhani za umbanda. Limatenga maola awiri, malikisi ake onse ndi 80, ndipo funso lalikulu koposa lili ndi malikisi 30. Mukagawa nthawi molingana ndi malikisi, funso limeneli limadya mphindi 45. Mwa mafunso amene angagwe pamenepo, lina ndi lokhudza chifukwa chimene achinyamata amapalamulira milandu, ndipo wophunzira amayenera kuyerekeza ziphunzitso ziwiri: cha kupanikizika, chimene ophunzira amangochitcha kuti sitireni, ndi cha kupatsidwa dzina loipa, chimene amati lebulingi. Amene akuphunzira sosholoje kuyunivesite, kuno kwathu ndi kwina, naonso salephera kukumana nalo funsoli.

Ophunzira ambiri amayankha motere: patsamba loyamba amakhuthula zonse zimene adaloweza za Robert Merton, patsamba lachiwiri zonse za Howard Becker, pomaliza nkuika mizere iwiri yoti chiphunzitso chilichonse chili ndi mphamvu zake ndi zofooka zake. Mulibe bodza m'yankho lotere, koma malikisi ake amathera pakatikati. Wochonga amafuna zinthu zitatu: kudziwa nkhani, kuigwiritsa ntchito pa funso lomwe lafunsidwa, ndi kuisanthula mpaka kupereka chigamulo. Masamba awiri osalankhulana aja akwanitsa choyamba chokha. Chimene aphonya nchakuti Merton ndi Becker sakuyankha funso limodzi. Merton akufunsa chimene chimakankha mnyamata kuti abe. Becker akufunsa chifukwa chimene, mwa anyamata ambiri amene aba, ena okha ndiwo amatchedwa akuba, ndiponso chimene dzinalo limawachita pambuyo pake. Wophunzira amene waona kusiyana kumeneku wayamba kale kuyerekeza, ngakhale asanalembe mzere.

Khomo lotseka

Merton adalemba nkhani yake yotchuka mu 1938, dziko la Amereka lisanatuluke m'mavuto a zachuma amene adayamba mu 1929. Adaona kuti anthu a kumeneko amaphunzitsidwa kuyambira paubwana kuti wopambana ndi wandalama, ndipo kuti aliyense angathe kulemera akalimbikira. Cholinga nchimodzi kwa onse. Koma njira zovomerezeka zofikira pa cholingacho, monga sukulu yabwino ndi ntchito ya malipiro ooneka, sizili zotseguka mofanana. Mwana wa m'banja losauka amauzidwa kuti alakelake zomwe mwana wa dokotala akulakalaka, koma khomo limene mnzakeyo walowera iye amalipeza lotseka.

Kupanikizika kumene Merton akunena ndi mpata umenewu, wa pakati pa zimene munthu waphunzitsidwa kufuna ndi zimene angathe kupeza mwachilungamo. Ambiri amataya malikisi apa polemba kuti Merton adati umphawi ndiwo umabala umbanda. Sadatero ayi. Mwa maganizo ake, dziko losauka kumene palibe amene adalonjezedwa kuti adzalemera lingathe kukhala ndi akuba ochepa kuposa dziko lolemera kumene lonjezolo limalalikidwa tsiku ndi tsiku koma nkumakwaniritsidwa kwa ochepa.

Adatchula njira zisanu zimene anthu amachitira akapanikizika chotere. Ambiri amapirira, nkumatsatabe cholinga ndi njira zake. Ena amagwiritsa cholinga koma njira amadzipezera okha, monga kuba ndi katangale. Ena amataya chiyembekezo cha chuma koma nkumasungabe malamulo mwamwambo chabe. Ena amasiya zonse ziwiri nkulowerera m'mowa kapena m'mankhwala ozunguza bongo. Otsiriza amagalukira dongosolo lonse pofuna lina latsopano. Pa funso la achinyamata, njira yachiwiri ndiyo yofunika. Kutaya mphindi khumi kulongosola zonse zisanu nkudzimana nthawi ya zimene zimabweretsa malikisi.

Vuto lake nlakuti milandu yambiri ya achinyamata sibweretsa ndalama. Kuswa mawindo a sukulu kapena kumenyana ndi anyamata a dera lina sikulemeretsa munthu, ndipo kawirikawiri zimachitika pagulu. Albert Cohen ndiye adayesa kutseka mpata umenewu mu 1955. Adati chimene mnyamata wosauka amasowa kwenikweni ndi ulemu. Sukulu imamuyeza ndi muyeso wa mabanja opeza bwino: kalankhulidwe, kudekha, kukonda mabuku. Akalephera, amapezana ndi anzake olephera ngati iye, nkutembenuza muyesowo, mwakuti chimene aphunzitsi amadana nacho ndicho chimapatsa munthu ulemu pagulupo. Mu 1960 Richard Cloward ndi Lloyd Ohlin adawonjezapo kuti ngakhale njira yakuba siili yotseguka kwa aliyense, pakuti imafuna wokuphunzitsa ndi wokugula katundu wobayo. Kumene kulibe anthu oterowo, anyamata amathera m'ndewu.

Dzina likamatirira

Chaka chomwecho cha 1938, Frank Tannenbaum adalemba kuti zimene ana amaona ngati masewera, akuluakulu amaziona ngati zoipa, ndipo pang'onopang'ono amasiya kunena kuti mwanayo wachita choipa nkuyamba kunena kuti mwanayo ndi woipa. Maganizo amenewa sadamveke kwambiri mpaka pamene Edwin Lemert adawakuza mu 1951, kenaka Becker mu 1963.

Lemert adasiyanitsa kulakwa koyamba ndi kulakwa kotsatira. Koyamba ndi kuja kumene achinyamata ambiri amachita nkupita osagwidwa: kutola kanthu m'sitolo, kulawa chamba, kumenyana pambuyo pa mpira. Wochitayo samadziona ngati chigawenga, ndipo mawa amapita kusukulu monga mwa masiku onse. Kotsatira kumabwera munthu akagwidwa nkuyalutsidwa poyera. Amachotsedwa sukulu. Makolo a anzake amaletsa ana awo kucheza naye. Kanthu kakasowa, woyamba kufunsidwa ndi iye. Akafuna ntchito, mbiri yake imakhala itafika kale. Otsala omulandira ndi okhawo amene ali ndi dzina longa lake, ndipo potsiriza amayamba kukhala chimene anthu akhala akumunena.

Becker adapita patsogolo. Adati kulakwa sikukhala m'chochitikacho pachokha, koma kumabwera pamene anthu ena apanga lamulo nkuligwiritsa ntchito pa munthu wina. Choncho wofuna kumvetsa umbanda asamangoyang'ana wogwidwayo, ayang'anenso wapolisi, mphunzitsi, woweruza ndi amene adalimbikitsa kuti lamulolo likhalepo.

Anyamata 14 a m'tauni imodzi

Njira yachidule yokakamizira ziphunzitso ziwirizi kuti zilankhulane ndi kuziika pa nkhani imodzi. Nkhani yoyenera bwino ndi imene William Chambliss adasindikiza mu 1973. Kwa zaka ziwiri adakhala akuonetsetsa magulu awiri a anyamata a pasukulu imodzi yasekondale m'tauni ina ya ku Amereka. Onse adali azungu, choncho nkhani ya khungu siikulowapo. Gulu loyamba, la anyamata 8 a m'mabanja opeza bwino, adalitcha Oyera Mtima. Lachiwiri, la anyamata 6 a m'mabanja osauka, adalitcha Andewu.

Oyera Mtima sadali oyera. Ankajomba kusukulu pafupipafupi, ndipo ankachita mwaukatswiri: mmodzi ankapempha kutuluka m'kalasi, nkupita m'kalasi ina kukauza mphunzitsi kuti mnzake akufunika kumsonkhano wa bungwe lina la pasukulupo, mpaka onse atakumana pagalimoto. Kumapeto kwa sabata ankapita kumzinda waukulu wapafupi, kumwa mowa, nkumayendetsa galimoto ataledzera. Masewera awo ena adali kuchotsa zotchinga ndi nyali zochenjeza pamene msewu ukukonzedwa, nkubisala kuti aone galimoto ikugwera m'dzenje. Pa zaka ziwirizo palibe ndi mmodzi yemwe amene adamangidwa. Aphunzitsi ankawaona ngati atsogoleri a mawa, ndipo anthu a m'tauni ankati ndi ana abwino amene akungodya unyamata.

Andewu ankaba tinthu ting'onoting'ono m'masitolo, kupopa petulo m'galimoto za anthu, kumwa akapeza ndalama, ndi kumenyana. Aliyense wa iwo adamangidwapo, ena kangapo. Tauni yonse inkadziwa kuti anyamata amenewa mathero awo ndi oipa. Komatu Chambliss atawerengera adapeza kuti pa kuchuluka kwa zolakwa, Oyera Mtima ndiwo ankaposa.

Adapereka zifukwa zitatu. Choyamba ndi kuonekera. Oyera Mtima adali ndi galimoto, motero zoipa zawo ankakachitira kutali ndi maso a anthu owadziwa, pamene Andewu ankangokhala pakona ina pakati pa tauni, pomwe aphunzitsi ndi apolisi ankadutsa tsiku lililonse. Chachiwiri ndi kayankhidwe. Wapolisi akaimitsa Oyera Mtima, iwo ankapepesa mwaulemu nkupempha chifundo, pamene Andewu ankayankha mwamwano. Chachitatu ndi maganizo amene anthu adali nawo kale a mmene mwana wopulupudza amaonekera, kuphatikizapo kudziwa kuti makolo opeza bwino angathe kuvutitsa wapolisi amene wagwira mwana wawo.

Mathero ake ndi awa. Mwa Oyera Mtima 8, okwana 7 adamaliza koleji, wina nkukhala dokotala, wina loya. Mwa Andewu 6, awiri sadamalize sekondale ndipo adakathera kundende pa milandu yakupha. Mmodzi adalowa m'bizinesi ya njuga, wina adangosowa osadziwika bwino kumene adapita. Awiri otsalawo adali akatswiri a mpira wa ku Amereka, makoleji adawalipirira maphunziro chifukwa cha mpirawo, adamaliza, nkukhala aphunzitsi ndi makochi m'masukulu.

Tsopano tiyeni tiike Merton pa nkhaniyi. Andewu akumukwanira bwino. Ndi ana osauka pakati pa anzawo a galimoto, ndipo amaba petulo ndi tinthu ta m'sitolo chifukwa alibe ndalama zogulira. Ndewu zawo ndi mwano wawo kwa aphunzitsi akuzifotokoza Cohen. Koma nanga Oyera Mtima? Palibe khomo limene lidawatsekera. Sukulu inkawakonda, koleji inkawadikira. Ngati kupanikizika ndiko kumayambitsa kulakwa, anyamata amenewa sakadayenera kulakwa kuposa anzawo aja. Apa chiphunzitso cha Merton chakhumudwa, ndipo wophunzira ayenera kunena zimenezo mosapita m'mbali.

Tikaika Becker, kusiyana kwa magulu awiriwa kukumveka msanga. Zochita zidali zofanana kukula kwake, mwinanso kuyendetsa galimoto utaledzera nkoopsa kuposa kuba petulo, koma dzina lidagwera gulu limodzi. Ndipo mathero a anyamatawo adatsata dzinalo. Komabe Becker sangatiuze chifukwa chimene Andewu ankabera pamene Oyera Mtima ankakonda kuwononga. Mtundu wa kulakwa udasiyana malinga ndi thumba la makolo, dzina lisanabwere. Funso limenelo ndi la Merton.

Pamene pali nyama yeniyeni ndi pa anyamata awiri a mpira aja, ndipo ophunzira ambiri amawadumpha chifukwa akusokoneza nkhani yosalala. Adali ndi dzina loipa lomwelo, adamangidwapo ngati anzawo, koma sadathere kundende. Zikadakhala kuti dzina limamanga munthu mpaka kalekale, awiriwa sakadapulumuka. Chidawapulumutsa nchiyani? Khomo lovomerezeka lidatseguka: wina adawalipirira koleji. Ukaipa dziwa nyimbo, adatero akuluakulu, ndipo nyimbo ya anyamatawa idali mpira. Umenewu ndi umboni wokomera Merton, wopezeka m'kati mwa kafukufuku amene mabuku amamuika kumbali ya Becker. Wotsatira Becker angayankhe kuti kukolejiko anyamatawa adapatsidwa dzina latsopano, la katswiri wa mpira, nkuyamba kukhala mogwirizana nalo. Mayankho onse awiri ndi omveka. Wophunzira amene waika mkangano umenewu papepala wachita chimene wochonga akufuna, pakuti wasonyeza mfundo imodzi ikukokeredwa mbali ziwiri.

Chenjezo lisasowe. Anyamata 14 a m'tauni imodzi, oonedwa ndi munthu mmodzi, sangaimire achinyamata onse. Nkhaniyi imaonetsa bwino mmene zinthu zimayendera, koma siingatsimikize kuti zimayenda choncho paliponse. Mzere umodzi wonena zimenezi ndi wokwanira.

Ziwerengero za apolisi

Pamene ziphunzitso ziwirizi zimagundana mutu kwenikweni ndi pa ziwerengero. Merton ndi omutsatira adayambira pa zimene mabuku a apolisi ndi makhoti ankasonyeza, kuti ogwidwa ambiri ndi anyamata a m'mabanja osauka, ndipo adadzipatsa ntchito yofotokoza chifukwa chake. Otsatira Becker amati mabuku amenewo ndi kaundula wa zochita za apolisi, osati wa zochita za achinyamata. M'mabuku a polisi a tauni ya Chambliss mudali Andewu okhaokha. Munthu wowerenga mabukuwo akadaganiza kuti ana opeza bwino salakwa, nkuyamba kufufuza chimene chavuta ndi ana osauka.

Si Chambliss yekha adaona zimenezi. Mu 1964 Irving Piliavin ndi Scott Briar, atayenda ndi apolisi mumzinda wina wa ku Amereka, adapeza kuti pa milandu ing'onoing'ono, kumanga mnyamata kapena kumusiya kunkadalira kwambiri kayankhidwe ndi kaonekedwe kake. Mu 1968 Aaron Cicourel adasonyeza kuti ku California makolo opeza bwino ankatha kukambirana ndi akuluakulu a zamalamulo, kulonjeza kuti mwana amulanga okha, mlandu nkuthera pomwepo.

Mfundoyi ndi yamphamvu, koma ili ndi malire. Kukondera kwa apolisi nkosavuta pa milandu yaing'ono, pomwe wapolisi ali ndi ufulu wosankha. Pa mlandu wakupha, mtembo ulipo, ndipo sungabisike chifukwa wopalamulayo wapepesa mwaulemu. Anthu amene adaphedwa ndi Andewu aja adafadi, ndipo abale awo sangamve zoti kulakwa ndi dzina chabe. Apa ndi pamene chiphunzitso cha Becker chimadzudzulidwa kwambiri: chimamvera chisoni wogwidwa nkuiwala wolakwiridwa, amene kawirikawiri amakhala wosauka mnzake.

Kodi umboni wa anthu ochuluka ukuti bwanji? Mbali zonse ziwiri zili ndi pomwe zidapunthwa ndi pomwe zidaima. Travis Hirschi adafunsa ophunzira oposa 4,000 ku California, ndipo mu 1969 adalengeza kuti amene ankalakalaka kwambiri maphunziro apamwamba ankalakwa mochepa, ngakhale aja amene sankayembekeza kuti adzafikako. Merton akadayembekeza kuti otsirizawa ndiwo akhale patsogolo pa kulakwa. Kumbali inayo, David Farrington adagwiritsa ntchito kafukufuku amene ankatsata anyamata 411 a kumwera kwa London kuyambira ali ana. Mu 1977 adayerekeza anyamata amene adaweruzidwa kukhoti ndi anzawo amene poyamba ankavomera okha zolakwa zochuluka mofanana koma osaweruzidwa. Oweruzidwa aja ndiwo adawonjeza kulakwa pambuyo pake. Umenewu ndi umboni wolemera kuposa wa anyamata 14, ndipo ukukomera Lemert.

Palinso chinthu china chodziwika bwino kwa ofufuza za umbanda: kulakwa kumakwera m'zaka za unyamata, nkutsika anthu akamalowa m'zaka za m'ma 20. Ambiri amasiya okha. Komatu umphawi wawo sukhala utatha, ndipo khomo lija likhala likadali lotseka. David Matza adafunsa funso limeneli mu 1964, ndipo chiphunzitso cha kupanikizika chimavutika kuliyankha. Cha dzina loipa chili ndi yankho la mbali imodzi: amene sadagwidwe amasiya mosavuta popeza palibe chowakumbutsa, pamene amene dzina lidawamatirira amapeza njira yobwerera itatsekeka.

Kulemba yankho lenileni

Mphindi 45 sizilola zambiri. Pamwamba pa funso pamakhala kandime kakafupi kamene wophunzira amauzidwa kuti akagwiritse ntchito, ndipo wosakatchula amadzichotsera yekha malikisi. Mphindi zisanu zoyamba zipite pa kuwerenga kandimeko ndi kusankha malo atatu kapena anayi pamene ziphunzitsozi zikutsutsana. Ine ndingasankhe atatu: chiyambi cha kulakwa koyamba, kudalirika kwa ziwerengero, ndi chifukwa chimene ena amasiya pamene ena amapitiriza. Ndime iliyonse ikhale ndi ziphunzitso zonse ziwiri m'kati mwake. Njira yodziyesera ndi yapafupi: ngati mungadule ndime imodzi nkuiika pansi pa funso lofunsa za Merton yekha popanda kusintha liwu, ndiye kuti ndimeyo sikuyerekeza kanthu.

Mayeso amalembedwa m'Chingerezi, koma kaganizidwe kake nkomweka. Ndime yofooka imamveka chonchi: "Merton adati anthu amapalamula chifukwa cha kupanikizika. Pali njira zisanu. Koma Becker sakugwirizana naye chifukwa iye amakhulupirira za dzina loipa." Apa mayina atchulidwa, koma sitikuuzidwa chimene akutsutsana, ndipo achinyamata, amene ndiwo mutu wa funso, sakuonekamo.

Ndime yolimba ingayende motere: "Merton ndi Cohen amafotokoza chifukwa chimene anyamata osauka amachulukira m'ziwerengero za apolisi, koma amayamba avomera kuti ziwerengerozo nzoona. Chambliss adapeza kuti anyamata opeza bwino ankalakwa kawirikawiri kuposa osauka koma osamangidwa, choncho mbali ina ya kusiyanako idapangidwa ndi apolisi. Komabe osaukawo ankaba zinthu zimene sakadatha kugula, pamene opeza bwino ankakonda kuwononga, ndipo chiphunzitso cha dzina sichifotokoza kusiyana kumeneku. Motero pa milandu yaing'ono Becker ali ndi mphamvu pa funso la amene amagwidwa, pamene Merton akadali ndi mphamvu pa funso la mtundu wa mlandu." Mizere ndi yochepa, koma muli mfundo, umboni, kutsutsa ndi chigamulo chaching'ono.

Wofuna kupitirira apo atchule Robert Agnew, amene mu 1992 adakulitsa chiphunzitso cha kupanikizika. Adati kupanikizika sikuchokera pa kulephera kupeza chimene ukufuna pokha. Kumachokeranso pa kutaya chimene umakonda, monga kholo, ndi pa kuchitiridwa nkhanza, ndipo chimene chimalumikiza zimenezi ndi kulakwa ndi mkwiyo. Taonani tsono: mnyamata amene wapolisi amamusecha tsiku ndi tsiku, ndipo mphunzitsi amamunyoza pamaso pa anzake, akupatsidwa dzina malinga ndi Becker, komanso akuchitiridwa nkhanza malinga ndi Agnew. Dzina lomwelo limamutsekera ntchito, nkukulitsa mpata uja wa Merton. Ziphunzitso ziwirizi zimakumana pamenepa. Kuipa kwake nkwakuti kupanikizika kukatanthauza chowawa chilichonse, chiphunzitsocho chimayamba kufotokoza zonse, ndipo kumakhala kovuta kupeza chimene chingachitsutse. Achinyamata ambiri okwiya ndi opanikizika sapalamula mlandu uliwonse.

Ndime ya zoyenera kuchita imathandiza ikakhala yaifupi, chifukwa imaonetsa kuti kusiyanaku sikuthera m'kalasi. Wokhulupirira Merton amatsegula makomo. Pulogalamu ina imene idayamba ku New York mu 1962 pa maganizo a Cloward ndi Ohlin inkapezera achinyamata a m'dera losauka maphunziro a ntchito zamanja ndi ntchito. Wokhulupirira Lemert amachepetsa kukhudzana kwa mwana ndi khoti. Wophunzira wa ku Malawi ali ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana komanso loona za chilungamo chawo lidakhazikitsa makhoti a ana ndi njira yopatutsa milandu ina kuti ithere kunja kwa khoti. Limaletsanso khoti kugwiritsa ntchito pa mwana mawu aja onenedwa kwa akuluakulu, oti wapezeka wolakwa kapena wagamulidwa chilango. Olemba lamuloli, kaya adawerenga Lemert kaya ayi, adaopa chimene iye ankaopa. Ndipo nkhani ya kuonekera imene Chambliss adanena tikuidziwa kudzera m'milandu ya vakabu, imene inkagwera woyenda pansi usiku osati woyenda pagalimoto. Mu 2017 Khoti Lalikulu lidagamula kuti ndime ina ya lamulo limenelo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa wogulitsa malonda amene adagwidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita kukagulitsa.

Chotsala ndi chigamulo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amachita mantha nkubisala m'mawu oti zonse ziwiri nzothandiza. Wochonga sakufuna kuti mugwirizane ndi iye. Akufuna kuti musankhe, nkupereka chifukwa chochokera m'zimene mwalemba kale. Changa nchakuti pa umbanda wa achinyamata, chiphunzitso cha dzina loipa chili ndi mphamvu yoposa. Kulakwa kwakung'ono paunyamata nkofala m'mabanja a mtundu uliwonse, kotero funso lofunika si loti chifukwa chiyani amayamba, koma loti chifukwa chiyani ochepa amapitiriza, ndipo umboni wa Farrington ukuloza ku zimene zimachitika mnyamata akagwidwa. Chiphunzitso cha kupanikizika ndingachisiyire mbali ziwiri: kufotokoza chifukwa chimene milandu yakuba imachulukira kumene njira zili zochepa, ndi kufotokoza chimene chidapulumutsa anyamata awiri a mpira aja. Wina angagamule mosiyana, makamaka akatsamira pa milandu yachiwawa, nkupeza malikisi omwewo.

Inu amene mukukonzekera mayesowa, sungani mphindi zisanu zomalizira kuti mulembe chigamulocho, ndipo muyambe ndi dzina la chiphunzitso chimene mwasankha.